Nsabwe za m'mutu pa mwana wa Sitandade 4 ndi banja lake: lipoti la namwino

Mwana amene lipotili likunena ndi mtsikana wa zaka 9, wa Sitandade 4 pasukulu ina yomwe si ya boma, kumene atsikana amaloledwa kuluka tsitsi. Anabwera kuchipatala chathu chaching'ono Lachisanu m'mawa ndi mayi ake. Dandaulo lawo linali la zilonda za kunkhongo ndi mwanabele kuseri kwa khutu lakumanja. Za nsabwe sanazitchule msanga. Zinatuluka nditafunsa chimene chinayamba, zilonda kapena kuyabwa, ndipo mayi anayankha motsitsa mawu kuti, "Asisita, kunena zoona ndi nsabwe. Tinamuthira kale mankhwala koma zikungobwerera."

Mbiri yake inali yotere. Mwanayo anali atakanda m'mutu pafupifupi mwezi wathunthu, makamaka usiku. Mayi ataona nsabwe ikuyenda pamzere wa pakati pa maluko, anagula shampu ya nsabwe kufamase n'kumutsuka kamodzi, tsitsi lili chilukire. Kuyabwa kunachepa kwa masiku angapo kenako kunayambiranso. Apo mnansi wina anawalangiza palafini, ndipo anamupaka madzulo ena n'kumumanga duku. Mwana analira ndi kuwotcha usiku wonse, m'mawa khungu la kunkhongo litafiira ndi kusupuka. Panyumba amakhala anthu asanu ndi mmodzi: bambo, mayi, mtsikanayu, mlongo wake wa zaka 12, kamwana ka zaka 2, ndi agogo aakazi, mayi awo a mayiwa. Palibe wina aliyense amene anayang'anidwa m'mutu. Sabata imeneyo agogo anali kumudzi kumaliro.

Zimene ndinapeza pomupima

Thupi silinali lotentha. Kunkhongo kunali malo osupuka ndi palafini, ndiponso tizilonda ta zikhadabo tokhala ndi nkhanambo zachikasu, tina tikutuluka mafinya pang'ono. Mwanabele uja anali wofewa, wosuntha ukamukhudza, ndipo ankapweteka pang'ono. Titamasula maluko awiri a kuseri kwa khutu ndinaona mina yambiri itamatira patsitsi pafupi kwambiri ndi khungu, ndipo chipeso cha mano othinana chinatulutsa nsabwe zamoyo zitatu pa kupesa koyamba, ziwiri zazikulu ngati njere ya chitowe ndi imodzi yaing'ono.

Nsabwe yamoyo ndiyo imatsimikizira matendawa, osati mina yokha. Mina ikhoza kukhala makoko opanda kanthu otsala kuchokera miyezi yapitayo. Nsabwe imaikira dzira lake pafupi ndi khungu chifukwa limafuna kutentha kwa mutu, ndiye mina yomwe ili mkati mwa mamilimita 6 kuchokera pakhungu ndiyo ingakhale yamoyo. Yomwe yatalikira kupitirira sentimita imodzi nthawi zambiri inaswa kale kapena inafa, yangokwera ndi kukula kwa tsitsi. Mfundu imasiyana ndi mina chifukwa imagwa ukaikhudza, pomwe mina imafuna kuikoka ndi zikhadabo mpaka kunsonga kwa tsitsi. Ndinayang'ananso ngati pali zipere, koma panalibe malo othothoka tsitsi, ndipo m'mipata ya zala munalibe mphere. M'misoko ya yunifolomu munalibe nsabwe za m'zovala, zomwe ndi mtundu wina ndipo ndizo zimafalitsa matenda. Za m'mutu sizifalitsa matenda. Vuto lawo ndi kuyabwa, kusowa tulo, ndi zilonda zimene zikhadabo zimatsegula.

Chifukwa chimene shampu inalepherera

Mayi ankakhulupirira kuti anagula mankhwala ofooka, n'chifukwa chake anafuna china champhamvu. Ine sindikuganiza kuti vuto linali mphamvu ya botolo. Dzira la nsabwe limaswa pakatha masiku 7 mpaka 10. Kansabwe kotulukamo kamayamba kuyamwa magazi nthawi yomweyo, koma kamafuna sabata imodzi kapena kuposerapo kuti kakule n'kuyamba kuikira mazira akeake. Yaikazi yokhwima imaikira mazira angapo tsiku lililonse ndipo imakhala ndi moyo pafupifupi mwezi umodzi. Mankhwala ambiri amapha nsabwe zoyenda koma samapha mazira onse. Choncho munthu akatsuka kamodzi n'kusiya, m'mutu mumakhala bata kwa masiku ochepa, mazira n'kuswa, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu zinthu zimakhala monga zinalili poyamba. Apa panawonjezeka zina ziwiri. Shampuyo sinalowe pansi pa maluko pomwe nsabwe zimabisala, komanso mitu ya ena m'nyumba sinaonedwe.

Ndondomeko yonse yochiza imakhazikika pa mpata umenewo wa pakati pa kuswa ndi kukhwima. Ukachotsa tinsabwe tatsopano masiku anayi alionse, palibe kamene kamafika poikira dzira, ndipo pakatha pafupifupi masabata awiri mazira akale onse amakhala ataswa n'kutha.

Za palafini sindinawabisire mayi. Amawotcha khungu, ndipo mwana wopakidwa palafini akayandikira mbaula, kandulo kapena koloboyi mutu ukhoza kuyaka. Chimodzimodzi mankhwala othira m'chimanga, a m'munda wa thonje kapena wa ndiwo zamasamba, a dibi ya ng'ombe ndi opopera udzudzu: amalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka losupuka, ndipo akhoza kupha mwana. Ndinawauza zimenezi mosawakalipira, chifukwa mayi wochititsidwa manyazi sabweranso.

Zimene tinakonza

Zilonda zinayamba ndizo. Dokotala wathu analemba mankhwala akumwa opha mabakiteriya chifukwa cha mafinya ndi mwanabele uja, ndipo tinauza mayi kuti azitsuka malowo ndi madzi ofunda ndi sopo, awengenso zikhadabo za mwana. Pakhungu losupuka chotero sitipaka mankhwala ophera nsabwe, chifukwa amaluma kwambiri ndipo amalowa m'thupi mopitirira muyeso. Kwa mtsikanayu kunatsala njira ziwiri, kumeta kapena kupesa tsitsi lili lonyowa.

Kumeta mpala kumathetsa nkhani tsiku lomwelo, ndipo m'masukulu ambiri a boma, kumene ana amayenera kukhala ndi tsitsi lalifupi, imeneyi ndi njira yosavuta. Koma mwanayu atangomva za lumo anayamba kugwetsa misozi, ati anzake onse adziwa chifukwa chake. Lumo pazilonda za mafinya silikanakhalanso bwino. Tinagwirizana kuti tsitsi lidulidwe ndi sizasi kufika pautali wa chala, kuti chipeso chizidutsa, ndipo lisalukidwenso mpaka titamaliza. Meshi yomwe inamasulidwa anaitaya. Nsabwe siziikira kwenikweni pa ulusi wa meshi, zimafuna tsitsi lenileni la pafupi ndi khungu, koma maluko amatchinga chipeso ndi mankhwala omwe.

Kapesedwe kake

Chipeso chofunika ndi cha mano othinana kwambiri, a mpata wa mamilimita 0.2 mpaka 0.3, chomwe chimapezeka m'mafamase ena ndipo nthawi zina chimabwera m'bokosi la mankhwala a nsabwe. Chipeso wamba cha mumsika, ngakhale chooneka chothinana, chimadutsa tinsabwe tating'ono. Ndinawaonetsa mayi pamutu pa mwana wawo, iwo akupesa ine ndikuyang'ana, chifukwa kungofotokoza pakamwa sikukwanira.

Tsitsi limatsukidwa kaye, kenako n'kupakidwa kondishona wambiri mpaka lililonse literere. Kondishona sapha nsabwe. Ntchito yake ndi kuzilepheretsa kuthamanga ndi kufewetsa tsitsi. Pamutu pouma nsabwe imathawa chipeso msanga, koma pamutu ponyowa ndi poterera imangokhala phee. Kumene kulibe kondishona, mafuta ophikira pang'ono amathandiza chimodzimodzi, kungoti amavuta kutsuka.

Tsitsi lathu lopotanali ndilo limagonjetsa anthu ambiri pa sitepe yotsatira. Ukalowetsa chipeso chothinana nthawi yomweyo, chimakodwa, mwana amalira, mano a chipeso amathyoka, ndipo mayi amagwa ulesi. Choyamba ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu, mpaka mfundo zonse zitamasuka. Kenako mutu umagawidwa m'tizigawo tating'ono, kalikonse kosaposa m'lifupi mwa zala ziwiri. Wopesa amagwira kagawo kamodzi, kukakoka pang'ono kuti kawongoke, n'kulowetsa chipeso chothinana mano ake atakhudza khungu, ndi kukoka pang'onopang'ono mpaka kunsonga osachidzutsa panjira. Chipeso chikayambira pakati pa tsitsi ntchito yonse yapita pachabe, chifukwa nsabwe zimakhala pakhungu pomwe pali chakudya chawo. Akakoka kamodzi amapukutira chipeso pansalu yoyera n'kuyang'ana chimene chatuluka. Kagawo kalikonse kamapesedwa katatu kapena kanayi, kenako n'kupotedwa kuti kasasakanikirane ndi tomwe sitinapesedwe. Kuseri kwa makutu ndi kunkhongo kumafuna kufatsa koposa, ngakhale kuti kwa mwanayu ndiko kunali zilonda, ndiye mayi ankazungulira nkhanambo osazikanda. Mutu wonse ukatha, kondishona amatsukuluzidwa ndipo amapesanso kachiwiri tsitsi likadali lonyowa.

Pa tsitsi la mwanayu ntchitoyi inkatenga pafupifupi mphindi 40. Imafuna kuwala kwa dzuwa, pakhonde kapena pabwalo. Kupesa usiku ndi tochi ya foni n'kungodzinamiza.

Masiku opesa ndi loyamba, la 5, la 9 ndi la 13, kenako kuyang'ana komaliza pa la 17. Kuti asasokonezeke tinawalembera mayina a masiku kuseri kwa buku la kuchipatala la mwana: Loweruka, Lachitatu, Lamulungu, Lachinayi, ndi Lolemba. Ndinawapemphanso kuti tsiku lililonse azilemba nsabwe zimene zatuluka, zazikulu padera, zazing'ono padera. Pempho limeneli linaoneka lachabe kwa iwo, koma ndilo linadzatithandiza pambuyo pake.

Ena a m'nyumba

Loweruka lomwelo aliyense amene analipo anapesedwa mutu uli wonyowa, woyabwidwa ndi wosayabwidwa yemwe. Munthu amene wagwidwa ndi nsabwe koyamba akhoza kutha masabata 4 mpaka 6 asanayambe kumva kuyabwa, choncho "ine sindikukanda" si umboni. Bambo ndi mnyamata uja, onse ometa kwambiri, analibe kanthu ndipo sanapatsidwe mankhwala. Kamwana ka zaka 2 kanali ndi nsabwe ziwiri, ndipo popeza tsitsi lake linali lochepa anangokameta. Mayi anamasula maluko awo, mng'ono wawo wokhala pafupi n'kuwapesa, ndipo anapezeka nazo zingapo.

Mayiwa tsitsi lawo ndi lalitali ndiponso lambiri, ndipo amalawirira kumsika kukagulitsa, choncho anasankha mankhwala. Anagula pemetirini wa 1 peresenti. Malangizo ake ndi osiyana ndi a kupesa, ndipo apa anthu amasokoneza kawirikawiri. Tsitsi liyenera kutsukidwa ndi sopo kapena shampu yopanda kondishona, mafuta onse odzola achoke, chifukwa kondishona ndi mafuta zimakuta tsitsi n'kutchinga mankhwala. Likapukutidwa n'kutsala lachinyezi, mankhwala amapakidwa kagawo ndi kagawo mpaka khungu lonse litanyowa, amakhala mphindi 10, kenako n'kutsukuluzidwa mutu utaweramira m'beseni kuti asayenderere thupi lonse kapena kulowa m'maso. Mutu sutsukidwanso kwa tsiku limodzi kapena awiri. Botolo laling'ono la mamililita 50 kapena 60 silikwanira tsitsi ngati lawo, anafunika awiri nthawi imodzi. Kugawa botolo limodzi pa mitu itatu pofuna kupulumutsa ndalama kumangotayitsa ndalamazo. Chachikulu n'chakuti mankhwalawa amabwerezedwa pa tsiku la 9, kuti aphe zoswa pambuyo pake.

M'madera ambiri padziko nsabwe zina zinasiya kufa ndi pemetirini. Njira yodziwira ndi kupesa pakatha maola 8 mpaka 12: zikatuluka zakufa kapena zoyenda mofooka, mankhwala agwira, zikatuluka zothamanga ngati kale, kubwereza omwewo sikuthandiza ndipo pafunika mtundu wina. Kumene akupezeka, dayimetikoni wa 4 peresenti ndi wabwino pamenepo chifukwa si poizoni, amangokuta nsabwe mpaka kufa. Amakhala m'mutu maola 8 kapena usiku wonse n'kubwerezedwa pakatha masiku 7, koma wopakayo atalikire moto. Kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa ndi kwa khanda, ine ndimayamba ndi kupesa, mankhwala pambuyo pokambirana ndi achipatala. Mayi athuwa atapesedwa m'mawa mwake, zonse zinatuluka zakufa.

Za zofunda sindinawalemetse nazo. Nsabwe siuluka ndipo sidumpha, imayenda kuchoka patsitsi kupita patsitsi mitu ikagundana, ndipo ikachoka pamutu imafa pasanathe masiku awiri. Tinangoti nsalu za mapilo, maduku, zipewa ndi matawulo ogwiritsidwa ntchito m'masiku awiri apitawo aviikidwe m'madzi otentha kwambiri, ayanikidwe padzuwa kapena asitidwe, ndipo zipeso zizikhala m'madzi otentha mphindi 10 akamaliza kupesa. Kupopera mankhwala m'nyumba n'kosafunika, izi si nsikidzi. Mphamvu zimene anthu amathera pochapa mabulangete onse zikanapita kuchipeso, tikanaona obwereza ochepa.

Zimene chipeso chinaonetsa

Tsiku loyamba pamutu pa mtsikanayu mayi analemba zazikulu 14 ndi zazing'ono zoposa 20. Lachitatu, tsiku la 5, kunalibe yaikulu ngakhale imodzi, kunali tating'ono 9. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira, mazira akale akuswa ndipo chipeso chikutola. Lamulungu, tsiku la 9, kunatuluka tating'ono 3 ndi zazikulu 4.

Zazikulu zinayizo sizinali zoyembekezeka. Kansabwe koswa pambuyo pa Lachitatu sikangakule kufika pamenepo m'masiku anayi. Ndiye mwina chipeso chinaziphonya kawiri konse, kapena zinachokera pamutu wina. Imodzi yokha ndikanati yaphonyedwa, koma zinayi, kwa mayi amene ndinawaona ndekha akupesa mofatsa, ayi. Titalankhulana pafoni madzulo ake ndinafunsa ngati mwana wagona ndi munthu wina sabata imeneyo. Anayankha kuti agogo anabwerako kumaliro Lachisanu, ndipo iwo ndi mdzukulu wawoyu amagona pamatiresi amodzi kuyambira kale.

Kuuza munthu wamkulu kuti avule duku aonedwe nsabwe si chinthu chopepuka kwa mwana wake. Mayi anadandaula kuti, "Ndikawauza bwanji amayi zimenezi? Aziti ndikuwanena uve." Tinagwirizana kuti akanene kuti achipatala alamula mutu uliwonse m'nyumba, wa bambo womwe, ndipo achite zimenezi kuseri, ana kulibe. Ndi zoonanso kuti nsabwe za m'mutu sizisankha waukhondo kapena wauve, ndipo agogowa ayenera kuti anazitenga kwa mdzukulu wawo asanapite kumudzi. Anavomera, ngakhale ankaseka kuti m'nthawi yawo nsabwe ankangophwanya ndi zikhadabo pamphasa. Pa imvi mina sioneka bwino ndi maso, koma chipeso chinatulutsa nsabwe zazikulu zambiri. Kumeta anakana, ati anthu aziyesa akumeta maliro, choncho nawonso analowa m'ndondomeko ya kupesa, ndipo tsitsi lawo lalifupi silinkatenga nthawi.

Popeza zazikulu zija zikhoza kuti zinaikira mazira atsopano pamutu pa mwana, kuwerenga kunayambiranso. Lamulungu lomwelo linakhala tsiku loyamba kwa agogo ndi mdzukulu pamodzi, ndipo linalinso tsiku loti mayi abwereze pemetirini wawo. Anapesa Lachinayi, Lolemba ndi Lachisanu. Sitinawalekanitse pogona, chifukwa nyumba ilibe chipinda china, komanso awiri opesedwa tsiku limodzi sapatsirana zambiri.

Kusukulu mwana sanajombe kupatula tsiku lobwera kuchipatala. Palibe chifukwa chomuchotsera m'kalasi chifukwa cha nsabwe, popeza pofika tsiku lozipeza amakhala atakhala nazo kale masabata angapo. Mayi anakauza aphunzitsi ake paokha, ndipo aphunzitsiwo anatumiza uthenga kwa makolo onse a kalasilo kuti ayang'ane ana awo, osatchula dzina la mwana aliyense. Mayi analankhulanso ndi make mnzake wapamtima wa mwanayu, amene amakhala naye desiki imodzi ndipo amalukana tsitsi nthawi yopuma, ndipo mnzakeyo nayenso anapezeka nazo.

Zotsatira

Zilonda zinauma m'sabata yoyamba, ndipo mwanabele anaphwa pang'onopang'ono pambuyo pake. Kuyabwa kunapitirira masiku angapo nsabwe zitachepa kale. Mayi anafuna kugulanso mankhwala chifukwa cha zimenezi ndipo ndinawaletsa, popeza khungu lolumidwa limachedwa kukhazikika, ndipo kuyabwa kopanda nsabwe yamoyo m'chipeso si chifukwa chochizira. Pa kupesa kwa Lachinayi ndi Lolemba kunatuluka tating'ono tochepa pamitu yonse iwiri, Lachisanu kunalibe kanthu. Lachiwiri lotsatira, tsiku la 17 la kuwerenga kwachiwiri, mwana, mayi ndi agogo anabwera kuchipatala ndipo ndinawapesa onse atatu osapeza nsabwe yamoyo. Pamutu pa mwana panatsala makoko oyera a mina, otalikira ndi khungu, omwe mayi anapitiriza kuchotsa ndi zala chifukwa cha maonekedwe chabe. Analoledwa kulukanso tsitsi, ndipo tinagwirizana kuti mpaka teremu ithe azimupesa ndi chipeso chothinana nthawi iliyonse akamasula maluko, asanamuluke ena.